Kalata kwa mwana wanga: za nthano ya ndalama yotola

Mwana wanga wokondedwa,

Ndawerenga kawiri nthano imene walembera ana ako a Sitandade 2, ya mtsikana amene anatola ndalama yachitsulo. Chichewa chako ndi chokoma, ndipo Tadala ndamukonda. Koma ndikuuze mosabisa kuti nthanoyi sinapse. Tadala akutola ndalama m'chiganizo chachitatu, ndipo m'chiganizo chachisanu wabweza kale. Wabweza ngati akubweza tsache la eni, mtima osagunda n'komwe. Mwana womvera sangaphunzirepo kanthu, chifukwa iyeyo tsiku lomwe adzatole ndalama mtima udzamugunda, ndipo nthano yako sinamuonetse chochita mtima ukamagunda chotero.

Yamba ndi ndalamayo. Ndalama zachitsulo zomwe ana athu amazidziwa ndi K1, K5 ndi K10, ndipo ngakhale mwana wa zaka 7 akudziwa kuti K10 payokha sigula kanthu pa okala. Ukangoti anatola K10, kalasi yonse iti, "Ndiye chiyani?" Mankhwala ake si kukweza ndalamayo kukhala K5,000, chifukwa ndalama ikakula nkhani imasanduka ya akuluakulu, ya amfumu ndi apolisi, mwana n'kutsala kumbali. Isiye ikhale K10 yomweyo, koma ikhale yotsiriza. Tadala akhale kuti wakhala akusunga ndalama zachitsulo m'kachitini, akufuna pensulo yomwe m'nthanoyo ikugulidwa K100, ndipo ali ndi za K10 zisanu ndi zinayi. Pensulo yake yatha mpaka akuigwira ndi nsonga za zala. Awerenge ndalamazo pamphasa mokweza, ana awerenge naye, afike pa 90 n'kuima. Akatero, K10 ya m'fumbi ija yalemera kuposa chikwama chodzaza, ndipo masamu a tsikulo waphunzitsiratu.

Kenaka mwini ndalama. Apa ndi pomwe ndikufuna uchedwepo. Mwini akakhala wosadziwika, palibe chosankha: ndalama ya pamsewu waukulu, pomwe padutsa anthu mazana, mwana angaibweze kwa yani? Mwini akakhala wolemera, ana amugamulira okha kuti sangadandaule. Ndiye akhale munthu amene Tadala amamudziwa, amenenso K10 ikumupweteka. Ika agogo ogulitsa mtedza wokazinga pachipata cha sukulu, amene amamanga ndalama zawo pamfundo ya chitenje. Tsiku limenelo mfundo yamasuka.

Koma Tadala asadziwe msanga kuti ndi yawo. Ayambe watola pafupi ndi mtengo wa mango, aipukute fumbi, asangalale, aifumbate. Mpatse mpata woti alote pensulo yatsopano, yachikasu, ya labala kumutu. Akafika pachipata ndi pomwe aone agogo aja atagwada, akusuntha lichero, akukutumula chitenje, akupapasa m'fumbi ndi chikhatho, n'kuyambanso kuwerenga zotsala pamwendo. Sakufunsa munthu, sakulira. Iwe usanene kuti ali ndi chisoni. Manja opapasa m'fumbiwo anena kale.

Payeneranso kukhala chizindikiro choti Tadala asathe kudzinamiza. Ndalamayo ikhale ndi timchere ndi kafungo ka mtedza, kapena yokandika mbali imodzi. Popanda chimenechi mwana wochenjera m'kalasimo adzadzutsa dzanja n'kunena kuti mwina si yawo, ndipo adzakhala akulondola.

Wina asamuone potola. M'nthano yako waikamo mphunzitsi amene akuyang'ana pawindo. Mchotse. Akakhalapo woona, Tadala akubweza poopa kugwidwa, ndipo chomwe ana atolepo ndi chakuti poba uziyamba wacheuka. Ngati ukufuna munthu wachitatu, akhale mnzake amene wamuonetsa yekha, amene amunong'oneze mawu omwe ana onse amawadziwa: "Iwetu watola, sunabe." Mnzakeyo usamupange woipa. Ndi mwana wabwinobwino amene akunena zomwe theka la kalasi likuganiza, ndipo ukamupatsa nyanga anawo abisa maganizo awo. Anthu atatu amenewa akwana. Wachinayi angosokoneza.

Pakati pa nthano, Tadala azengereze katatu, monga nthano za pamoto zimachitira. Koyamba adutse agogo aja osaima, ndalama ili m'manja, manja akutuluka thukuta. Kachiwiri afike pa okala, aone mapensulo m'botolo, wogulitsa amufunse chomwe akufuna, iye asowe mawu n'kutuluka. Kachitatu ndi usiku: atsegule kachitini kuti aponyemo, koma aimange padera pakansalu, isakhudzane ndi zinzake. Pamalo atatu onsewa ika kanyimbo kofanana ka mizere iwiri koti ana azivomera, monga amavomerera "Tilitonse" ukati "Padangokhala." Kanyimboko kakhale funso, osati langizo, mwina kongoti, "Ndalama iwe, ndiwe wa yani?" Ndipo ukafika pausiku uja tseka buku. Afunse anawo kuti iwo akanatani, udikire ndithu ngakhale kalasi itakhala chete. Amene ati akanagula pensulo usamudzudzule, ungomufunsa kuti mawa akadutsa pachipata adzayang'ana kuti.

Tsono mathero, pomwe wandikhumudwitsa pang'ono. Walemba kuti agogo anamupatsa mapensulo khumi ndi chikwama cha sukulu. Agogo amene amapapasa K10 m'fumbi azitenga kuti zimenezo? Choopsa kuposa apo, waphunzitsa kuti kukhulupirika ndi geni, ukaika K10 umatapa zambiri. Mwana adzabweza ndalama kwa munthu weniweni, adzangomva "zikomo," ndipo adzaona ngati aberedwa. Tadala abweze m'mawa, ndi manja awiri, atanjuta, ndipo anene zoona zonse: kuti anaitola dzulo, anagona nayo. Mawu amenewo ndi ovuta kuposa kupereka ndalamayo, usawadumphe. Agogo aiyang'ane, aimange pamfundo, amange kawiri, amufunse kuti ndi mwana wa yani. Ngati mtima wako ukufunadi mphatso, ikhale mtedza wodzaza kadzanja, basi. Pensulo asaipeze tsiku limenelo. Alowe m'kalasi ndi kapensulo kake kaja, m'chitini muli 90 yomwe ija.

Chotsanso ndime yomwe ukuti ana akuba manja amatupa. Mantha otere amagwira mpaka tsiku lomwe mwana ayese n'kupeza manja ali bwinobwino, ndipo kuyambira pamenepo sakhulupiriranso china chilichonse chomwe nthanoyo inanena.

Kutalika kwake kusapitirire mawu 500, kuti ndi kanyimbo komwe ithe m'mphindi zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu. Zokambirana zibwere padera. Ziganizo zikhale zoti uziwerenga ndi mpweya umodzi. Pita ndi ndalama khumi zenizeni za K10, zisanu ndi zinayi m'chitini, imodzi m'thumba mwako, kuti amve kulira kwake. Usanakawerenge kusukulu, iyese kwa mwana mmodzi kunyumba, uziyang'ana nkhope yake osati pepala. Akayamba kusewera ndi zala Tadala asanatole ndalama, chiyambi chatalika, dula. Akakuuza mathero usanafike pa okala, ndiye kuti pensulo ija sunaikometse mokwanira, bwerera ukaikometse. Koma akakufunsa ndi nkhope yodandaula kuti, "Nanga pensulo adzagula liti?" usasinthe kanthu.

Ukailembanso unditumizire, ndiiwerengere adzukulu a kuno Loweruka madzulo. Moni kwa apongozi ndi ana.

Ndine mayi ako.