Lipoti la msonkhano uja: mameseji otumizidwa mwangozi pa chati

Anzanga a gulu lothandiza makasitomala, ndabwerako kumsonkhano munandituma kuja. Gawo lomwe likutikhudza kwambiri linali la mameseji amene kasitomala amatumiza asakufuna. Ife timangowadumpha, koma timu yomwe inatsogolera gawoli imawaika chizindikiro n'kumawawerenga, chifukwa akachuluka pamalo amodzi ndiye kuti apu ili ndi vuto pamenepo.

Zizindikiro zawo n'zochepa: `double_send` ngati meseji yabwera kawiri, `cut_off` ngati yapita munthu asanamalize kulemba, `wrong_chat` ya aja amati pepani sindimalembera inu, ndi `pocket` ya zilembo zopanda mutu foni ikadinika m'thumba. Yokayikitsa amaiika pa `unsure`, samaikakamiza. Asanayambe amabisa kaye mayina ndi manambala a foni, ndipo anthu awiri amaika zizindikiro pa machati omwewo aliyense payekha kenako n'kufananiza. Akamasiyana pafupipafupi, amakonza tanthauzo la chizindikirocho.

Pa `double_send` m'pomwe tinakhalitsa ndipo ine ndaona kuti tiyambire pomwepo. Tiyerekeze munthu walemba kuti ndalama zanga sizinafike, meseji yomweyo n'kubweranso patangopita masekondi awiri, imeneyo ndi ngozi. Koma ikabweranso patapita mphindi 10 si ngozi ayi, munthuyo watopa kudikira ndipo wabwereza dala, ndiye ukaiwerengera ku ngozi wabisa vuto loti tikuchedwa kuyankha, chonde pamenepa tisamalepo kwambiri. A timu ija akapeza ya ngozi amayang'ana nambala imene foni imapatsa meseji iliyonse, ngati apu yawo imasunga zimenezo. Nambala ikakhala imodzi ndiye kuti apu inatumizanso yokha netiweki itavuta, seva n'kulandira zonse ziwiri. Zikakhala zosiyana ndiye kuti munthuyo anadina batani kawiri, mwina poti sanaone chosonyeza kuti meseji yapita. Vuto loyambalo amakonza kuseva kuti izikana nambala yomwe yailandira kale, lachiwirili batani lizizima kaye ukangodina komanso pazioneka kuti meseji ili m'njira.

Powerenga samangoti mwezi uno tapeza zakuti. Mwachitsanzo 30 pa mameseji 1,000 ndi 45 pa mameseji 3,000, yachiwiriyi ikuoneka yambiri koma ndi 15 chabe pa 1,000 alionse, theka la yoyamba ija. Amagawanso potengera veshoni ya apu ndi mtundu wa foni kuti aone ngati vutolo linabwera ndi apudeti.

Anatichenjezanso kuti `wrong_chat` imatuluka yochepa kuposa mmene zilili, poti timangoona okhawo amene anapepesa.

Ndikupempha anthu awiri adzipereke, titenge machati a sabata yathayi tiyese zizindikirozi, zimene tasiyana tidzazione limodzi pamsonkhano wathu wotsatira. Ndipemphanso a mapulogalamu atiuze ngati nambala ya meseji ija imasungidwa kwathu kuno.