Kalata yochokera ku Joni: za ndalama zija ndi khola la nkhuku

Okondedwa amayi,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, ntchito ikuyenda ndipo malipiro a mwezi uno talandira. Mundiperekere moni kwa amalume, kwa achemwali ndi kwa ana. Kalatayi akuwerengereni mng'ono wanga, ndipo awerenge yonse osadumpha pamene pakunena za iyeyo.

Ndamva za tomato. Ndamva kuti madengu anakhala pamseu kudikira galimoto mpaka tomatoyo anayamba kuchucha, ndipo wotsalayo anagulidwa pa mtengo umene wogula anatchula yekha. Zandiwawa, koma sizinandidabwitse, chifukwa msewu wathu tonse timaudziwa: mvula ikagwa galimoto imathera pa Chikuli, ndipo wa kabaza akadziwa kuti katundu wako ndi woola msanga amakweza mtengo, podziwa kuti sungabwerere naye kunyumba. Chimene chikundisowetsa tulo ndi china. Ndalama zimene ndinatumiza zinali zokwanira mbewu, feteleza ndi mankhwala, ndipo zinayenera kutsalako, koma mpaka lero palibe amene wandiuza kumene zotsalazo zinapita. Mawu akundipeza kuno akuti pakhomo pafika foni yatsopano. Iwe mng'ono wanga, sindikukuweruza usanayankhe, koma undilembere pa pepala chilichonse chimene unagula ndi mtengo wake, ujambule pepalalo unditumizire.

Tsopano mundimvetsetse bwino, amayi. Munda wathu ndi waung'ono, sukwana ngakhale ekala, ndipo tili kutali ndi tala. Munthu wokhala malo otere ayenera kugulitsa chinthu chimene chingadikire wogula popanda kuwonongeka, chimene ndalama zake ndi zambiri pamene katundu wake ndi wopepuka woti n'kukwera pa njinga yakapalasa. Tomato sadikira, kabichi ndi wolemera, ndipo nkhuku zoyera zija za masabata 6 zimene amalume anandiuza pa foni sindikuzifuna, chifukwa chakudya chake n'chogula ku tauni, chobwera pa kabaza, ndipo zikakhwima zimangodya phindu tsiku lililonse limene wogula sanabwere. Ndalama zimene ndatumiza mwezi uno ndi za nkhuku zachikuda. Nkhuku yachikuda ikapanda kugulidwa sabata ino imabwerera kunyumba, imatola zakudya pabwalo, ndipo sabata yamawa imakhala yanenepako. Ndiponso mukukumbukira mmene kwacha inagwera mu Novembala 2023, ndalama zosunga mu mpango n'kusanduka zosagula kanthu. Mtengo wa nkhuku umakwera pamodzi ndi mtengo wa zinthu zina. Pa chifukwa chomwecho sindilemba mitengo ya makwacha m'kalata ino, ndiwerengera nkhuku zenizenizo.

Muyambe ndi khola, nkhuku zisanagulidwe. Likhale la m'mwamba, lofika m'chiuno mwa munthu wamkulu kuchokera pansi, la nsungwi zoyandikana kuti likongwe asapeze polowera, denga lake losadontha, ndipo chitseko chake chikhale ndi loko. Pansi pake pakhale poti chitosi chizigwera, muzichikokola n'kuchiunjika pamthunzi, chifukwa ndiye manyowa a kudimba ndipo feteleza wogula achepa. Kiyi wa loko asunge ndinu amayi, osati wina aliyense.

Mukatero mugule misoti 10 yotsala pang'ono kuyamba kuikira ndi tambala mmodzi, poti tambala mmodzi amakwanira thadzi 10, ndipo awiri amangomenyana. Musagule pa msika, ngakhale zitatchipa chotani, chifukwa anthu ambiri amathamangira ku msika ndi nkhuku zawo akaona kuti matenda alowa m'khola. Mugule kwa anthu amene mumawadziwa, amene nkhuku zawo mwakhala mukuziona zikuyenda pabwalo, ndipo zatsopanozo zikhale pazokha masabata awiri zisanasakanikirane ndi zitatu zimene muli nazo kale. Tambala, ngati angapezeke kudzera kwa alangizi a ziweto, akhale wa Mikolongwe, wakuda uja, chifukwa ana ake amakula thupi kuposa achikuda enieni. Koma mathadzi akhale achikuda, pakuti ndiwo amadziwa kufungatira ndi kulera.

Chinthu chimene chingathetse ndalama zonsezi m'sabata imodzi ndi chitopa, ndipo apa ndikupemphani kuti musamvere za pilipili, za alovera kapena za makapisozi osungunula m'madzi. Chitopa chilibe mankhwala ochiza, chili ndi katemera yekha. Katemerayo amatchedwa I-2, ndi wodontheza m'diso, dontho limodzi pa nkhuku iliyonse, yaikulu ngakhale mwanapiye, ndipo amabwerezedwa pakatha miyezi inayi iliyonse chifukwa mphamvu yake imatha. Chofunika kwambiri n'chakuti nkhuku zilandire nyengo yotentha isanafike, cha mu Julaye, popeza chitopa chimavuta kwambiri dzuwa likayamba kuswa mtengo. Kabotolo kamodzi kamakwanira nkhuku zambiri kuposa zathu, choncho iwe mng'ono wanga upite kwa alangizi, ugwirizane ndi oyandikana nawo kuti mutemere tsiku limodzi m'mamawa, ndipo kabotoloko ukanyamule utakakulunga mu kansalu konyowa, osati m'thumba la buluku padzuwa. Nkhuku za anzathu zikapanda kutemeredwa, zathu zimene zimatola nazo limodzi zimakhalabe pangozi.

Mukaona nkhuku yagwetsa mapiko ngati yavala jekete, ikuodzera, ikutsekula zobiriwira, ikupuma movutika kapena khosi lapindika, muichotse pakati pa zinzake nthawi yomweyo. Ikafa muikwirire mozama kapena muiotche, ndipo nthenga ndi matumbo zisatayidwe kudzala kumene zinzake zimapalasa. Yodwala kale musaidonthezere katemera, sangaithandize, ndipo anthu akaiona itafa amayamba kunena kuti katemera ndiye amapha nkhuku.

Achemwali auzidwe kuti ndalama za fizi ya mwana zikubwera padera mwezi wamawa, asatape pa za nkhuku.

Tsopano tiwerengere limodzi. Thadzi lachikuda limaikira mazira 10 mpaka 15 lisanayambe kufungatira. Muzilemba tsiku pa dzira lililonse ndi pensulo, ndipo pofungatiritsa musankhe mazira 10 osapitirira sabata, osang'aluka, otsalawo ana adye kapena mugulitse. Pakatha masiku 10 muwaunike ndi tochi usiku: lamoyo limaoneka lakuda mkati ndi timitsempha, losakwera tambala limaoneka loyera mbee, ndipo limenelo mulichotse lisanaole. Pa tsiku la 21 amaswa. Tinene kuti pa 10 aswa 8, ndipo pa 8 amenewo akula 6. Musafungatiritse mathadzi onse nthawi imodzi, chifukwa chakudya sichingakwane. Muyambe ndi asanu, amene atipatse nkhuku 30, ndipo asanu enawo adzatsatire pakatha miyezi iwiri. Nkhuku yachikuda imafika pogulitsidwa pa miyezi 6 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye kuti zoswa mu Juni ndizo za Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, nthawi imene anthu a m'tauni amafuna nkhuku yachikuda ndipo ogula pikulitsa amafika okha m'midzi pa njinga zawo.

Koma 6 amene ndatchulawo sakula okha. Mukudziwa nokha kuti pakhomo pathu thadzi limatuluka ndi anapiye 8, pakutha mwezi n'kutsala awiri, ena atatengedwa ndi kabawi, ena atafa ndi mame a m'mawa. Choncho masabata 6 oyambirira anapiye asamayende m'tchire. Amalume aluke kakhola ka nsungwi kopanda pansi, koti muzikasuntha pabwalo, anapiye azikhala m'menemo ndi make, ndipo madzi awo muziika m'mbale yosaya yokhala ndi timiyala kuti asamire. Amalumewo muwalipire monga mungalipirire mmisiri aliyense, kuti pasadzakhale mawu akuti nkhukuzo ndi za tonse. M'zisa muziwaza phulusa ndipo udzu wake muziotcha thadzi likangoswa, chifukwa utitiri ukachuluka thadzi limathawa mazira.

Pa chakudya ndi pamene kamunda kathu kagwire ntchito. Madeya okha amakhutitsa koma sakulitsa. Mizere ya kumunsi ija, imene chimanga sichichita bwino, chaka chino mudzalemo soya. Soyayo muzimukazinga kaye mpaka fungo lauwisi lithe, chifukwa wosakazinga nkhuku sizimugaya bwino, kenako mukagayitse n'kusakaniza mbale imodzi ya soya ku mbale zitatu za madeya, kuthirako kamchere pang'ono ndi zikamba za mazira zootcha n'kusinja. Anapiye muziwaonjezera chiswe ndi fumbi la usipa lotsalira kwa ogulitsa, limene amagulitsa motchipa. Nkhuku yaikulu yoyenda pabwalo imafuna chakudya chodzaza dzanja limodzi patsiku, ndiye kuti 11 zoyambirirazo thumba la makilogalamu 50 liziwatengera pafupifupi miyezi itatu, koma 30 zija zikamakula thumba lizitha pa mwezi. Madeya amatchipa nthawi yokolola ndipo amasowa mu Januwale ndi Febuluwale pamene anthu nawonso amawafuna, choncho mugule msanga kuchigayo, muwayanike bwinobwino, ndipo ochita nkhungu musapatse nkhuku. Ichi ndi chifukwa chinanso chogulitsira zambiri mu Disembala, kuti nyengo yanjala ikatipeze ndi khola lochepa.

Ndikamalemba izi ndikuona bwalo lathu madzulo, inu mukuwaza madeya pafupi ndi mtondo, ndipo mtima ukundiwawa, pakuti nkhuku imene timadya kuno ndi ya m'firiji yopanda kukoma, nsima yake ya ufa wa m'pepala. Koma sindinabwere kuno kudzakhala, ndipo sindikufuna kuti tsiku limene ndidzatsike basi pa Wenela ndidzapeze kuti thukuta langa lonse linathera m'mafoni ndi m'madengu a tomato woola.

Pogulitsa, ziyambe ndi atambala, misoti yabwino itsale yolowa m'malo mwa mathadzi okalamba. Ogula akafika pakhomo ndi mtengo wachipongwe muwakanize, palibe chikuola. Zikachuluka, mng'ono wanga amange 8 kapena 10 mu dengu lalikulu lolowa mphepo, apalase m'mamawa kupita ku Lunzu tsiku la msika, ndipo yobwerako osagulidwa ikhale payokha masabata awiri, chifukwa yakumana ndi nkhuku za kwina. Za njinga yamoto zimene wakhala ukundiumiriza, iwe, uziiwale kaye. Ukonzetse yakapalasa ija, matayala ndi tcheni ndalama zake ndaikamo kale.

Mugule kope la sukulu, ndipo mwana wa achemwali wamkulu uja azilembamo nkhuku zimene zilipo, zoswa, zakufa, zogulitsidwa, tsiku la katemera ndi ndalama iliyonse yotuluka. Nkhuku yophera alendo kapena yopita ku maliro ilembedwenso, sindikuletsa, koma ndiidziwe. Ndalama za nkhuku zisabwerekedwe kwa munthu, ngakhale wachibale. Kumapeto kwa mwezi uliwonse mundijambulire tsamba la kopelo, ndipo za mwezi wamawa, kupatula za fizi, ndidzatumiza ndikaona chithunzi cha khola litatha ndi pepala lija la ndalama za tomato.

Ndine mwana wanu,
kuno ku Joni