Lipoti la msonkhano wa alembi: nkhani ya zikalata za Letter pa pepala la A4

A Wapampando ndi mamembala nonse, ndalama za ulendo ndi alawansi zomwe munandipatsa sizinapite pachabe. Malonje ndi zokamba za kasungidwe ka mafayilo zinali zomwe timazidziwa kale, choncho sindikutayitsani nazo nthawi. Phunziro lomwe linandigwira mtima ndi la vuto lomwe limatithera mapepala: chikalata chokonzedwa pa Letter, ife n'kuchisindikiza pa A4.

Letter, saizi ya pepala yomwe amagwiritsa ntchito ku America ndi ku Canada, ndi mamilimita 215.9 m'lifupi ndi 279.4 m'litali. A4 ndi 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Ndiye kuti A4 ndi yopapatiza ndi mamilimita pafupifupi 6, koma ndi yayitali ndi pafupifupi 18. Ambiri tinkaganiza kuti poti A4 ndi yayitali, zonse zikwana. Wophunzitsa anationetsa kuti chomwe chimasokoneza ndi mamilimita 6 aja.

Anatenga fomu ya masamba awiri yokhala ndi tebulo, malire ake masentimita 2.54 mbali zonse. Pa Letter, malo olembamo ndi mamilimita 165.1 m'lifupi, koma atasintha kukhala A4 anatsala 159.2. Mawu omwe ankakwana pamzere umodzi m'tebulo anapindikira pamzere wachiwiri, ndipo mizere yotere itachuluka, tebulo linadya malo onse omwe A4 inawonjezera. Chizindikiro chodulira tsamba, Page Break, chinakankhidwira patsamba lotsatira n'kukhala chokha kumeneko. Umu ndi momwe tsamba lopanda kanthu limabadwira pakati pa chikalata. Kuti muchione, dinani Ctrl+Shift+8 mu Word, ndipo zizindikiro zonse zobisika zimaonekera.

Mankhwala ake ndi kusunga malo olembamo monga analili. Pitani pa Layout, Size, More Paper Sizes, sankhani A4, ndipo pa Apply to musankhe Whole document, chifukwa chikalata chogawidwa m'zigawo chimatha kusintha chigawo chimodzi chokha, zina n'kutsala pa Letter. Kenako malire a kumanzere ndi kumanja muwaike pa masentimita 2.24, a pamwamba ndi pansi pa 3.42. Mukatero malo olembamo abwerera pomwe anali, mizere sipindikanso, ndipo tsamba lililonse lithera pomwe linkathera. Fomu ija inabwerera pa masamba awiri tonse tikuona. Ngati chikalatacho mudzapitiriza kuchilemba, ndi bwino kusiya malire a 2.54, n'kukonza tebulo ndi AutoFit Window, komanso kuchotsa mizere yopanda kanthu yomwe wina anaika podina Enter kambirimbiri kuti mutu uyambe patsamba latsopano. M'malo mwake mutuwo muupatse Page break before.

Tsamba lopanda kanthu likakhala kumapeto, pambuyo pa tebulo, ndi ndime yomaliza yomwe Word salola kufufuta. Ichepetseni kufika pa saizi 1, ndipo kawirikawiri tsambalo limachoka.

Msonkhano unagwirizana kuti zikalata zochokera kunja tizizisandutsa PDF n'kusindikiza ndi Fit. Ine ndinavomera theka. Pa kalata kapena lipoti njirayi ndi yabwino, chifukwa masamba a PDF sasuntha, amangochepa pang'ono, kufika pa 97 peresenti kapena kutsikirapo malinga ndi malire a pulinta. Koma pa zomata, kapena fomu yofunika kugwera ndendende pa pepala losindikizidwa kale, kuchepako kumasuntha chilichonse, ndipo pamafunika Actual size. Ndinanena zimenezi koma sizinalowe m'mfundo, ndiye ife tisatengere mfundoyi mwachimbulimbuli.

Apa ndiye ndikufika kwathu kuno. Pamsonkhano wathu wapitawu alembi anadzudzulidwa kuti akuwononga mapepala, ena mpaka kuuzidwa kuti abweze. Sizinali zoona, ndipo ndikubwerezanso. Kompyuta yomwe tonse timagwiritsa ntchito imatsegula chikalata chatsopano chilichonse pa Letter, pomwe m'thireyi ya pulinta muli A4. N'chifukwa chake pulinta imaima n'kumapempha Letter, wina n'kudina kuti ipitirize, mbali ya kumanja n'kudulidwa, n'kuyambiranso. Tinapempha kuti ikonzedwe, yankho silinabwere mpaka lero.

Ndikupempha komiti ilole kuti tisankhe A4 mu Page Setup n'kudina Set As Default, tikonzenso saizi ya pepala pa zokonda za pulinta m'kompyutamo komanso pa pulinta penipenipo, chifukwa malo atatuwa ayenera kunena chimodzi. Mafomu athu akale tiwakonze limodzi pamsonkhano ukubwerawu, ndipo nkhani ya omwe anauzidwa kubweza mapepala ibwerenso pa ajenda.