Masiku atatu atsalawa uwagwiritse ntchito motere

Wokondedwa mwana wanga,

Titamaliza kulankhula pa foni dzulo, tulo sitinabwere msanga. Mawu ako amanjenjemera pamene umandiuza kuti pa mitu 12 ya phunziro lija wawerengapo 6 yokha, chonsecho mayeso ndi Lachisanu. Sindikukalipira, za mmene zinafikira apa tidzakambirana ukalemba. Koma maganizo oti umalize mitu 6 yotsalayo m'masiku atatu uwasiye. Ukathamangitsa yonse, udzalowa m'chipinda cha mayeso utaigwira pamwamba pokha, ndipo ngakhale ija unkaidziwa idzakhala itayamba kukuthawa.

Lachiwiri m'mawa usayambe ndi buku. Tenga mapepala a mayeso a zaka zisanu zapitazi, ulembe mitu yonse 12 papepala limodzi, ndipo funso lililonse ukaliona uike kamzere pa mutu umene lachokera. Maola awiri akwana. Unati Gawo A ndi la mafunso aafupi a malikisi 40 ochokera m'mitu yonse, pamene Gawo B lili ndi mafunso 6, umasankhapo atatu a malikisi 20 lililonse. Ndiye kuti ndi mitu yako 6, ku Gawo A ungafikire malikisi pafupifupi 20, ndipo ku Gawo B mwina mafunso atatu adzakhala ako. Ngozi ili pamenepo: akangobwera awiri okha, malikisi 20 apita usanagwire n'cholembera chomwe. N'chifukwa chake ndikufuna uwonjezere mitu iwiri yokha, imene ili ndi timizere tambiri. Ukhale ndi mitu 8, kuti ku Gawo B ukhale ndi posankha. Mutu umene sungamveke usanawerenge wina umene sunaukhudze, ulumphe ngakhale utabwera chaka chilichonse. Ufunsenso anzako ngati silabasi kapena mphunzitsi wokonza mayeso anasintha, chifukwa zikatero mapepala akale akhoza kukusocheretsa.

Masana a tsiku lomwelo ubwerere ku mitu 6 ija. Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza, ndipo inenso ndinadzinamizapo ndili pasukulu. Munthu umatsegula notsi, maso akuyenda pamizere, mtima n'kumati izi ndikuzidziwa. Kuzindikira chinthu chili pamaso pako n'kosavuta, koma m'mayeso notsi kulibe. Tseka kope, tenga pepala losalembapo, ulembe zonse zimene ukukumbukira pa mutu umodzi kwa mphindi 10. Kenako tsegula ufananize, ndipo zimene wasiya uzilembe ndi cholembera chofiira. Zofiirazo ndi zimene uwerenge, zinazo zisiye. Ukaona kuti pamutu wina walemba mizere itatu n'kuuma mutu, usauwerengere m'gulu la imene ukuidziwa. Uupatse ola lathunthu madzulo.

Lachitatu ndi la mitu iwiri yatsopano, wina m'mawa, wina masana. Usayambire tsamba loyamba ngati ukuwerenga nthano. Yamba ndi funso lakale la mutuwo, ufufuze m'buku zokhazo zimene zikuyankha funsolo, kenako utseke buku uliyankhe wekha. Ukatero ndi mafunso atatu kapena anayi, udzaona kuti mfundo zake n'zomwezomwezo, amangozifunsa mosiyana. Dzuwa likapendeka, upatule ola limodzi la mitu inayi imene wasiya, ungolemba matanthauzo a mawu akuluakulu. Zimenezo zingakutolere malikisi angapo ku Gawo A. Usanagone, bwereza zofiira za dzulo buku lili chitsekere.

Lachinayi palibe mutu watsopano, ngakhale mnzako atakuuza kuti wamva zimene zibwere. M'mawa khala pansi ndi pepala limodzi lakale limene sunaliyankhepo, foni ili kutali, wotchi ili patsogolo, ulembe maola atatu ngati mayeso enieni. Mphindi 180 pa malikisi 100 ndiye kuti funso la malikisi 20 lisapitirire mphindi 35, ndipo Gawo A lithe m'mphindi 70. Ndimakudziwa, ukapeza funso lokukomera umaiwala nthawi. Malikisi oyamba a funso lachitatu ndi osavuta kuwapeza kuposa omalizira a funso loyamba, choncho nthawi ikakwana, siya mpata upite kutsogolo. Masana udzichongere, ndipo paliponse pamene walakwa uone ngati sunadziwe, unaiwala, kapena sunamve bwino funso. Zimene unaiwala ndi zimene sunamve bwino zimakonzeka tsiku lomwelo, uyambe ndi zimenezo.

Za kuchezera usiku ndikukaniza ndithu. Zimene wawerenga masana zimakhazikika m'mutu pamene uli m'tulo, ndiye usiku uliwonse ugone maola osachepera 7, makamaka wa Lachinayi. Chiphaso, zolembera ziwiri ndi kakyuleta uziike m'chikwama usanagone.

Ukasankha mitu iwiri ija Lachiwiri, undiimbire undiuze kuti ndi iti.

Ndine,
Mayi ako