Kugawa pakati chuma cha pamitala si chilungamo

Akonzi,

Ndalemba kalatayi mtima ukundiwawa ndi mmene akuchimuna agawira chuma cha malemu alamu anga mwezi wathawu. Malemuwo anasiya akazi awiri m'mudzi umodzi. Wamkulu ndi mchemwali wanga, wa ana asanu, ndipo wamng'ono ali ndi ana awiri. Makolo a malemu anatsogola kale.

Amalume a malemu anagulitsa chigayo pa K1,800,000 n'kulamula kuti nyumba iliyonse itenge theka, ati pasakhale kukondera. Tawerengerani nokha. Kwa mchemwali wanga kuli anthu asanu ndi mmodzi, ndiye pa K900,000 aliyense zikumukhalira K150,000. Kwa wamng'ono kuli anthu atatu, aliyense K300,000. Ana a bambo mmodzi, wina alandire theka la zomwe walandira mnzake? Ngakhale akanangowerenga mitu ya anthu onse asanu ndi anayi, aliyense akanapeza K200,000.

Koma chandipweteka kwambiri ndi chigayocho. Chinagulidwa ndi ndalama za mtedza umene mchemwali wanga analima ndi mwamuna wake, mkazi wachiwiri asanabwere n'komwe. Ndiye ankalawirira mbandakucha kukagula dizilo, ndiye ankaweruka madzulo mutu uli mbuu ndi ufa, ndiye ankasaka makaniko lamba akaduka. Amalumewo sanathirepo ngakhale dontho la oyilo. Pa tsiku logawa anamukhazika pamphasa kumbuyo, osamufunsa kalikonse, mpaka anamuwerengera bedi ndi mapoto ake omwe.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 silinena zimenezo. Limati katundu wa m'nyumba ndi wa mayi wa nyumbayo, sagawidwa. Limatinso akazi akamakhala dera limodzi, mayi aliyense ndi ana ake alandire molingana ndi zomwe anaikapo pa chumacho. Mkazi wamng'ono sindikulimbana naye ayi. Ana ake ndi aang'ono, ndipo lamulo lomwelo limafuna kuti mwana wamng'ono apatsidwe gawo lokulirapo kuposa wamkulu. Zonsezi zimafunika kukhala pansi n'kuziyeza bwino, osati kungodula pakati ngati chinangwa. Nanga mphamvu yogulitsa chigayo popanda chilolezo cha khoti amalumewo anaitenga kuti? Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene munthu angakhalire kundende zaka 10.

Amfumu analipo, anangogwedeza mutu. Mafumu athu ambiri lamuloli sanalionepo m'Chichewa, ndipo mayi wamasiye akati akadandaule ku boma, ndalama ya minibasi imamuthera m'njira akungouzidwa kuti abwere sabata yamawa.

A Unduna wa Zachilungamo ndi abwanamkubwa a m'maboma, perekani lamuloli kwa mafumu m'zinenero zathu, ndipo chuma chisamagulitsidwe mkazi aliyense asanafotokoze zomwe anaikapo. Inunso abambo a mitala, lembani wilu pamaso pa mboni ziwiri mukadali moyo. Ife nkhani ya chigayoyi tikupita nayo ku khoti.

Mlongo wa mayi wamasiye,
Mchinji