Kodi alembe udindo umene anapatsidwa kapena ntchito imene ankagwira?

Alangizi,

Ndikupempha nzeru zanu pa nkhani ya mzere umodzi umene umakhala pansi pa dzina la munthu pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti la ofuna ntchito ndi olemba ntchito, malo amene pa sikirini alembedwa kuti Headline. Ntchito yanga ndi yosankha anthu oti makampani alembe, choncho kagwiritsidwe ntchito ka mzerewu ndimakadziwa. Chimene chandiimitsa mutu ndi nkhani ya mwana wa mchemwali wanga, ndipo ndiifotokoza yonse kuti muone pamene pali mfundo yovuta.

Mtsikanayu ali ndi dipuloma ya zowerengera ndalama ya ICAM. Wagwira zaka zitatu pa shopu ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe, ndipo shopuyo yatsekedwa. Kalata yomulemba ntchito imati anali kashiya. Koma mwini shopu ataona kuti mwanayu amadziwa mabuku, anamusiyira zonse. Ndiye ankakonza malipiro a antchito 14 mwezi ndi mwezi, kudula msonkho wa PAYE ndi kuutumiza ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, kudula 5 peresenti ya penshoni kwa wantchito ndi kuwonjezerapo 10 peresenti ya bwana, kupereka lipoti la VAT pofika pa 25, ndiponso kufananiza sitetimenti ya ku banki ndi buku la ndalama la pa shopu. Zonsezi ankachitira m'mapulogalamu a pa kompyuta a Sage ndi Excel. Pa kauntala ankakhalapo Loweruka lokha kapena mnzake akadwala.

Atatsegula LinkedIn n'kulowetsa ntchito yakeyo, mzere uja unadzilemba wokha, chifukwa munthu akapanda kulembapo kanthu LinkedIn imatenga udindo ndi dzina la kampani n'kuziika pamenepo. Unangoti Cashier at, kenako dzina la shopu. Ntchito itatha anafufuta n'kulemba izi:

```
Unemployed | Seeking new opportunities
```

Achinyamata ambiri amalemba chonchi, ena n'kuwonjezera kuti ndi olimbikira ntchito, oopa Mulungu, ogwirizana ndi anzawo. Sindikunyoza makhalidwe amenewa, ndi abwino ndithu. Vuto lake n'lakuti wofuna kulemba munthu ntchito salemba mawu otero m'bokosi lofufuzira. Amalemba dzina la ntchito monga mmene lilili pa chilengezo chake, nthawi zina ndi luso limodzi limene sangalolere kuti lisowe, mwachitsanzo:

```
"accounts assistant" AND payroll
```

N'zoona kuti kufufuzaku kumayang'ana tsamba lonse la munthu, osati mzere wokhawo. Koma zotsatira zikabwera, pamakhala mayina ambirimbiri otsatizana, ndipo pa dzina lililonse timaona chithunzi, dzina, mzere uja ndi dera limene munthu akukhala. Diso limathamanga, chala chikukankhira mayina m'mwamba. Amene mzere wake sukutchula ntchito timamudumpha, ngakhale m'kati mwa tsamba lake muli zonse zimene tikufuna, poti sitinatsegule n'komwe. Mzere womwewo ndi umenenso umatsagana ndi dzina lake akapempha kulumikizana ndi munthu, akayankha pa nkhani ya wina, ndiponso akafunsira ntchito kudzera pa LinkedIn pomwepo. Tsono mawu oti sali pa ntchito amayenda naye paliponse, koma sanena chimene iye angamuchitire bwana. Ngati akufuna kuti zidziwike kuti akusaka ntchito, pali batani lake la Open to work, ndipo limamulola kusankha kuti aone ndi olemba ntchito okha kapena aliyense. Palibe chifukwa choonongera mzere pa uthenga umene uli kale ndi malo ake.

Tinakhala pansi kuti tikonze. Malo a mzerewu amalola zilembo 220, kuwerengera ndi mipata yomwe, koma kudzaza zonsezo n'kudzinamiza. Pa foni mzere umadulidwa, kumapeto n'kutsala timadontho titatu, ndipo pansi pa ndemanga umadulidwa msanga kuposa pa tsamba lenileni. Choncho chofunika kwambiri chimayenera kukhala koyambirira. Ndinamuuza kuti atenge zilengezo khumi za ntchito zimene angazikwanitse, za m'nyuzipepala ndi za pa intaneti, alembe papepala dzina la udindo pa chilichonse, kenako adule mzere kunsi kwa luso lililonse limene labwerezedwa. Dzina limene linatuluka kawirikawiri linali Accounts Assistant, ndipo maluso obwerezedwa anali kukonza malipiro, misonkho, kufananiza mabuku ndi banki, ndi kudziwa pulogalamu ya akaunti. Pa malusowo tinasiya okhawo amene iye angawachite munthu atamukhazika pa kompyuta lero lomwe. Zimene zinatuluka ndi izi:

```
Accounts Assistant | Payroll, PAYE & VAT returns | Bank reconciliation | Sage, Excel | ICAM Diploma
```

Mzerewu uli ndi zilembo 99. Ngakhale utadulidwa pakati, dzina la ntchito ndi luso lake lalikulu zimaonekabe. Dzina la Blantyre tinalichotsa chifukwa dera lili ndi malo akeake ndipo limaoneka kale pansi pake. Pulogalamu ya akaunti ya QuickBooks tinaichotsanso ngakhale inkatchulidwa m'zilengezo zingapo, chifukwa anangoiphunzira m'kalasi, sanasungirepo mabuku a munthu. Dipuloma tinaiika kumapeto poti ambiri opikisana naye ali nayo. Chimene ambiri alibe ndi kuti wapereka malipoti enieni a msonkho mwezi ndi mwezi. Ndinamuletsanso zilembo zokongoletsa zija zimene anthu amakopera pa masamba ena kuti mawu aoneke akuda kwambiri kapena opendekeka. Zimaoneka ngati zilembo wamba, koma kwa kompyuta ndi zizindikiro zina, moti kufufuza kukhoza kusazizindikira, ndipo pulogalamu yowerengera anthu osaona imazitchula molakwika. Kusintha kwake n'kosavuta: kutsegula tsamba lako, kudina kapensulo kali pafupi ndi dzina, kulemba pa Headline, kenako Save. Akatero abwereke foni ya mnzake, afufuze dzina lake, aone pamene mzere ukudukira.

Mpaka apa ndilibe chikaiko. Pamene pandivuta ndi mawu awiri oyambirirawo. Mwanayu sanapatsidwepo udindo wa Accounts Assistant ndi bwana aliyense. Kalata yomulemba ntchito imati kashiya, masilipi a malipiro amati kashiya, ndipo kalata ya umboni imene mwini shopu anamupatsa potseka imati anali kashiya wokhulupirika, basi, za misonkho ndi malipiro osatchulamo. Ine kuntchito ndikaona mzere ukunena udindo wina, mapepala akunena wina, ndimayamba kukaikira zonse zimene munthuyo walemba. Ndimadziwanso kuti anzanga ambiri safunsa n'komwe chifukwa chake, amangoika fomu pambali. Pa ntchito yogwira ndalama, kukaikiridwa pang'ono pokha kumakwanira kumugwetsa munthu.

Komanso mbali inayo ili ndi mphamvu. Mzerewu si malo olembapo mbiri ya maudindo. Malo amenewo ndi chigawo cha Experience, ndipo kumeneko tasiya mawu oti Cashier monga zilili m'makalata, pansi pake n'kundandalika ntchito zimene ankagwira ndi manambala ake, antchito 14, malipoti a mwezi uliwonse, maakaunti awiri a ku banki. Mzere wa pamwamba umanena chimene munthu akubweretsa kwa bwana watsopano. Mmisiri wa matabwa amene ntchito yamuthera salemba pa chikwangwani chake dzina limene kampani yakale inkamuitanira, amalemba zimene amapanga. Ndiponso Accounts Assistant si dzina lofuna chiphaso monga Chartered Accountant, limene munthu sayenera kudzitcha asanamalize mayeso ndi kulembetsedwa. Dipuloma ali nayo, ntchitoyo waigwira. Kodi pamenepa bodza lili pati?

Tinayesanso njira yapakati:

```
Cashier with payroll, PAYE & VAT experience | Seeking Accounts Assistant role | ICAM Diploma
```

Uwu palibe angautsutse, koma uli ndi zilema ziwiri. Mawu oyamba amene diso likuona ndi omwe aja akufuna kuwathawa, ndipo foni ikadula mzere, dzina la ntchito imene akufuna ndi limene limatayika. Chachiwiri, ukumuonetsa ngati wopempha kukwezedwa, pamene iye ntchitoyo waigwira kale. Ndikuopa kuti adzangoitanidwa ku ntchito za pa kauntala, malipiro akenso a pa kauntala, ndipo zaka zitatu zija zidzapita pachabe.

Maganizo anga apendekera ku mzere uja woyamba ndi Accounts Assistant, koma pokhapokha titachita zinthu ziwiri. Choyamba, abwerere kwa mwini shopu, amene akadali mu Blantyre momwemo ndipo anasiyana bwino, akapemphe kalata ina ya umboni yotchula ntchito zimene ankagwira, udindo ukhale womwewo wa kashiya koma ntchitozo zilembedwe mayina. Chachiwiri, chiganizo choyamba cha chigawo cha About chinene poyera kuti analembedwa ngati kashiya ndipo anapatsidwa mabuku a shopu yonse, kuti wotsegula tsamba amve kuchokera kwa mwini wake asanadzipezere yekha. Mayi ake akukana. Akuti mwana wa munthu asadzitche chimene sanatchedwe, ndipo ndi bwino kuchedwa kupeza ntchito kusiyana n'kukachita manyazi pa intavyu. Mwanayo wangoti kakasi pakati pathu, mzere uja sanausinthe, ndipo masabata akupita.

Palinso kanthu kena kakang'ono. Pa shopupo ankawerenganso katundu wa m'sitolo kumapeto kwa mwezi, ndipo ntchito za Stores Clerk zimalengezedwa kawirikawiri. Iye akufuna kuwonjezera dzina limeneli pa mzere kuti agwire mbali zonse. Ine ndamuuza kuti maudindo awiri pa mzere umodzi amaonetsa munthu amene sanasankhe, ndipo luso lowerenga katundu likhoza kukhala ku chigawo cha Skills, kumene kufufuza kumalipezabe. CV angathe kuisintha pa ntchito iliyonse imene akufunsira, koma mzerewu ndi umodzi kwa onse. Komabe ndikudziwa kuti ntchito zikusowa, ndipo amene akulipira lendi ndi iyeyo, osati ine.

Tsono Alangizi, ndithandizeni. Kodi munthu amene anagwira ntchito popanda kupatsidwa dzina lake angayambe mzere wake ndi dzina limenelo osakhala kuti wanama? Ngati mwini shopu atakana kulemba kalata yatsopano, kodi pali umboni wina woyenera umene angaonetse pa intavyu, poti mapepala a malipiro a anthu ena ndi malipoti a msonkho a shopu si ake oti n'kuyenda nawo? Ndipo pa nkhani ya maudindo awiri, kodi aikepo limodzi n'kudikira kwa nthawi yaitali bwanji asanaganize zosintha?

Ndine wowerenga wanu,
Malume a ku Chilomoni, Blantyre