Mwana wanga, za chipembedzo cha mu buku lako lija

Mwana wanga,

Machaputala unatumiza aja ndawerenga. Anthu ako okhulupirira kuti mulungu wawo anapereka moto kamodzi kokha, ndiye kuyatsa wina watsopano nkoletsedwa, andisangalatsa kwambiri. Koma wataya mapeji ambiri kufotokoza mmene dziko linalengedwera ndi mayina a milungu, pomwe anthu akewo akungophika, kugona, kudzuka ngati lamulolo kulibe.

Choletsa chimafunika chimupweteke munthu penapake. Ngati moto wonse uyenera kuchokera kukachisi ndiye kuti nyumba iliyonse pali wina amene sagona usiku kuwopa ungazime, ndipo ndikufuna ndimudziwe ameneyo, kaya ndi mwana wamng'ono kaya ndi mkazi wongokwatiwa kumene, komanso amamva bwanji ena akuliza nkonono. Wapaulendo anyamule makala mu kamphika kadothi, mvula ikayamba aziteteza kamphikako kuposa katundu. Nanga ukazima? Apa ndi pamene mwambo ubwere. Mwachitsanzo mwini nyumba apite mbandakucha opanda nsapato kukapempha kwa neba, neba ali ndi ufulu wokana, ndiye taganiza ngati nebayo anakangana naye dzulo lake za malire a munda.

Mkangano wa mkati usaupange kuti awa ndi abwino awa ndi oipa ayi. Utenge pa chinthu chomwe lamulo silinanenepo. Mphenzi igwere pamtengo, mtengo uyake. Ena ati motowu wachokera kumwamba, ndi mphatso yachiwiri, ansembe ati ayi mulungu anapereka kamodzi basi. Ansembewo akhale okhulupiriradi, koma zoti amalandira kenakake munthu akadzapala moto kukachisi zikhaleponso, munthu amatha kukhala ndi zifukwa ziwiri nthawi imodzi. Usaope kuti nkhaniyo ndi yaying'ono. Ku Russia m'ma 1650 mkulu wa mpingo Nikon atalamula kuti chizindikiro cha mtanda chizichitidwa ndi zala zitatu osati ziwiri, pamodzi ndi zosintha zina, mpingo unagawikana, anthu mpaka kufera zimenezo.

Kenako kugawikanako kulowe mnyumba. Mtsikana wa kwa a mphenzi akwatiwe kwa a kachisi, aphike, apongozi ake asakhudze chakudyacho poti sakudziwa wayatsira moto uti. Osafotokoza chiphunzitso, tingoona mbale ikubwerera yodzadza. Uikemonso munthu amene amabisa mwala woyatsira moto pansi pa bedi koma kukachisi sajomba, anthu otere ndi ambiri ndipo owerenga adzamuzindikira.

Kuti udziwe ngati zagwira, tenga chaputala chimodzi uchotsemo zonse za motozo. Ukaona kuti anthu akupangabe zisankho zomwezo, ndiye kuti chipembedzocho wangochimata pamwamba. Yamba ndi chaputala cha ukwati chija, ukachikonza unditumizire ndichionenso.

Ndine,
Mayi ako